Za M'kabokosi Si Zako, Mphwanga

Mphwanga, kokera mpandowo pafupi, ndipo foniyo uyambe waiika m'thumba. Dzulo ndinakhala pakhonde la golosale yako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Iwe unkayesa kuti malume ako akungopitidwa mphepo, koma ine ndinkawerenga. Dzanja lako linalowa m'kabokosi ka ndalama kanayi popanda wogula aliyense pakauntala. Koyamba unatapa K4,000 ya ndiwo n'kupatsira mwana. Kachiwiri unalipira wakabaza amene anatenga mkazi wako kupita kuchigayo. Kachitatu unagula mayunitsi. Kachinayi anabwera mlamu wako, munanong'onezana, iye n'kuchoka akupinda ndalama m'manja. Madzulo unatsitsa paketi ya shuga ndi sopo pashelefu n'kupita nazo kunyumba. Pa zonsezi sindinakuone utagwira cholembera ngakhale kamodzi.

Usandiyankhe kuti golosaleyo ndi yako. Ndikudziwa kuti ndi yako. Amene ndikufuna kukusimbira nayenso inali yake.

Anali mwana wa mnzanga, mnyamata wakhama, wosamwa mowa, wosayenda ndi akazi. Anagulitsa fodya wake ku okushoni ku Kanengo, ndipo mu Juni 2023 anatsegula golosale pa Mitundu ndi katundu wa K1,200,000. Malo anali abwino, ogula ankabwera, ndipo iye ankatsegula mbandakucha n'kutseka usiku. Pofika Malichi chaka chotsatira, pachitseko panali loko. Palibe mbala inathyola, palibe moto unabuka. Iye ankalumbira kuti anamuchita chitaka, kuti pali wina ankabwera ndi ndalama yokhwimira n'kumakokera ndalama zake m'matsenga. Bambo ake anandipempha kuti ndikakhale naye pansi, poti ine ndaima kuseri kwa kauntala zaka zambiri. Tinatenga malisiti a maoda amene anatsala m'jumbo, tinaitana mkazi wake kuti atikumbutse za kunyumba, ndipo tinawerenga masiku awiri. Chitakacho tinachipeza. Chinali ndi zala zisanu, ndipo chinali kumapeto kwa mkono wake.

Mvetsera mmene zinalili. Pa tsiku ankagulitsa katundu wa K60,000, ndipo pa masiku 26 a mwezi zinkakwana K1,560,000. Munthu wogwira ndalama zotere mwezi ndi mwezi amayamba kuyenda ngati bwana. Koma malisiti anaonetsa kuti pa K100 iliyonse imene inkalowa m'kabokosi, K85 inali mtengo umene iye anaodera katunduyo. Ndalama imeneyo sinali yake ayi. Inali shuga, sopo ndi mafuta ophikira zimene zangosintha maonekedwe kwa masiku ochepa, zikudikira kubwerera pashelefu. Yotsala pamwamba inali K15 yokha, ndiye kuti K234,000 pa mwezi. Pamenepo panayenera kuchoka lendi ya K40,000, thiransipoti ya maulendo anayi okaoda ku Lilongwe K32,000, ndiponso magetsi, majumbo, msonkho ndi katundu woonongeka K22,000. Zonsezi ndi K94,000. Phindu lenileni la golosaleyo linali K140,000 pa mwezi. Imeneyo inali golosale yamoyo, yoti ikanamulera zaka zambiri.

Tsono ona zimene nyumba inkatapa. Ya ndiwo ndi makala inali K4,000 pa tsiku, yofanana ndi imene iwe unapatsira mwana dzulo. Pa masiku 30 ndi K120,000. Katundu wotsitsidwa pashelefu, buledi wa ana, shuga, sopo, mafuta, machesi, ankakwana K45,000. Mayunitsi, kabaza ndi zoziziritsa kukhosi za alendo K30,000. Achibale, zopepesa pamaliro ndi zopereka pazinkhoswe K45,000. Phatikiza wekha: K240,000. Golosale inkabala K140,000, nyumba inkadya K240,000. K100,000 yapamwambayo inkachokera kuti? Inkachokera mumpamba, mwezi uliwonse, mwakachetechete.

Palibe chinthu chimodzi mwa zimenezi chimene ungachitche kusakaza. Ndiwo ndi zofunika, sopo ndi wofunika, maliro sathawika. N'chifukwa chake matenda amenewa ndi oopsa kuposa mowa. Woledzera anthu amamuona ndipo amamudzudzula. Koma munthu wotapa K4,000 ya ndiwo m'kabokosi momwe muli K60,000, ndani angamudzudzule? Iye mwini amaona ngati watapa madzi m'chitsime choti chidzadzanso mawa. Ndipo mawa m'kabokosi mumakhaladi ndalama, chifukwa katundu akugulidwabe. Kabokosi sikauma msanga. Imayamba kuuma ndi shelefu.

Pofika kumapeto kwa Okutobala, patatha miyezi isanu, mpamba wa K1,200,000 uja unali utatsika kufika pa K700,000. Zizindikiro zinalipo, koma iye sankadziwa kuziwerenga. Anayamba kutalikitsa katundu pashelefu kuti malo aoneke odzaza. Pamwamba anasanja makatoni opanda kanthu. Kale ankaoda shuga wa belo lathunthu, tsopano ankagula mapaketi ochepa kwa mnzake wa golosale yapafupi pamtengo wokwera, motero kaphindu ka pa paketi kanachepa. Mawu akuti "zatha, mubwere mawa" anayamba kutuluka pakamwa pake kawiri katatu pa tsiku. Wogula ukamubweza kawiri, kachitatu sabweranso, amapita kumene akapeze zonse pamodzi. Apa ndiye pamene bala limakula: katundu akachepa, malonda amachepa, phindu limachepa, koma mphika wa kunyumba suchepa.

Mu Novembala munagwa zinthu ziwiri. Mvula itayandikira, anatapa K200,000 kukagula feteleza wa kumunda, akuti adzabweza akakolola. Kuphatikiza ndi kudontha kwa mwezi ndi mwezi kuja, mpamba unatsala pafupifupi K400,000. M'mwezi womwewo ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya kumaoda inalumpha. Ichi uchimvetse bwino, chifukwa chidzakuchitikira. Tinene kuti waoda katoni pa K20,000 n'kuigulitsa yonse pa K23,000. Mumtima umati wapindula K3,000, ndipo ukuidya. Ukubwerera kumaoda ndi K20,000, n'kupeza katoni yomwe ija ili pa K24,000. Ngakhale ukanapanda kudya kalikonse, ikanapereweranso K1,000. Mitengo ikamakwera, gawo lina la chimene ukuchiyesa phindu ndi mpamba wa mawa. Amene anali ndi kandalama kapadera ka bizinesi anapirira mwezi umenewo. Mnyamata uja analibe.

Mu Disembala anakatenga katapila wa K200,000 woti abweze K300,000, akuti aodere katundu wa Khirisimasi. Katunduyo anagulidwadi, koma ndalama zinalowa m'kabokosi komwe kaja, ndipo dzanja lomwe lija linkatapamo za zovala za ana ndi mpunga wa chikondwerero. Januwale anabwera ndi fizi. Januwale ndi Febuluwale ukudziwa wekha mmene amakhalira kwathu kuno: anthu ndalama yawo yonse imapita ku chimanga, ndipo obwera pagolosale ambiri amabwera kudzakongola. Mwini katapila anadzanyamula firiji ndi sikelo. Zotsalazo anadya ana.

Pamene tinamaliza kuwerenga, mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, ndiye kuti ndinadya golosale yanga ndi ndiwo?" Ndinamuuza kuti inde. Agogo ako ankasunga chimanga chambewu pachokha, chomangidwa pamwamba pa moto kuti utsi uzichiteteza ku anankafumbwe. Njala inkafika pena mpaka kugonera madeya, koma chimanga chija sichinkapita kumtondo. Sikuti sichinali chawo. Ankadziwa kuti wokazinga mbewu amakhuta usiku umodzi n'kulira chaka chathunthu. Mpamba ndi mbewu. Vuto la golosale n'lakuti mbewu ndi chakudya zimafanana nkhope, zonse ndi makwacha, ndipo zimagona m'kabokosi kamodzi. Ngati suzilekanitsa ndi dzanja lako, palibe adzakulekanitsire.

Tsono ndikuuze chochita, ndipo uyambe sabata ino.

Lamulungu likubwerali, mukabwera kutchalitchi, usatsegule. Tenga kope latsopano, muwerenge katundu yense ndi mkazi wako, chimodzichimodzi, mpaka machesi. Muwerengere pamtengo umene unaodera, osati umene umagulitsira, chifukwa phindu la katundu amene sanagulidwe ndi nkhuku ya m'dzira. Pamenepo uwonjezere ndalama za m'kabokosi ndi za bizinesi zimene zili mufoni. Uwonjezerenso ngongole zimene anthu ali nazo kwa iwe, koma zokhazo zimene ukudziwa mumtima kuti zidzabwera. Za msuweni wako za chaka chatha zija usaziwerengere. Kenako uchotse ngongole zimene golosale ili nazo kwa ena. Nambala yotsalayo ndiwo mpamba wako. Uilembe patsamba loyamba ndi deti lake. Anthu ambiri amaopa tsiku limeneli ngati sikelo ya kuchipatala, koma wosadziwa mpamba wake sangadziwe ngati akudya phindu kapena akudya mbewu.

Ukatero, udzilembe ntchito. Inde, iwe mwini golosale ukhale wantchito wa golosaleyo, wolandira malipiro odziwika pa tsiku lodziwika. Ukanalemba mnyamata wogulitsa, kodi ukanamulola kumatapa m'kabokosi nthawi iliyonse imene kwawo kwatha mchere? Ukanamuchotsa tsiku lomwelo. Nanga bwanji ukudzilola wekha? Malipirowo asachokere pa zimene nyumba ikufuna, achokere pa zimene golosale ikubala, ndipo akhale ochepera phindu. Mnyamata wa pa Mitundu uja, pa phindu la K140,000, akanadzipatsa K25,000 Loweruka lililonse, ndiye kuti K100,000 pa mwezi. K40,000 yotsalayo ikanakhala m'bizinesi, ina yothamangitsira mitengo ikakwera, ina yodikira miyezi ya njala. Ndikuti pa sabata osati pa mwezi, chifukwa ndalama ya mwezi wathunthu ikalowa m'nyumba tsiku limodzi imatha pa 15, ndipo pa 16 dzanja limabwerera kukabokosi.

Ndikuona nkhope yako. Ukufuna kunena kuti K100,000 singakwane nyumba imene inazolowera K240,000. Zoona, singakwane. Koma kusakwanako sikunabwere ndi malipiro, kunalipo kale, kabokosi kankangokubisa. Ukadziwa kuti golosale ikutha kukupatsa zakutizakuti basi, umayamba kuganiza ngati munthu wamkulu: kodi tichepetse pati, dimba lija tilidzutse, mayi ayambe mandasi, kapena tiwonjezere katundu woyenda msanga kuti phindu likule? Mafunso amenewa ndi owawa, koma ali ndi mayankho. Funso lopanda yankho ndi lija la munthu woima pakhomo lokhoma, akufunsa kuti ndalama zinapita kuti.

Ndalamazo zikhalenso ndi nyumba ziwiri zooneka ndi maso. Kabokosi ndi ka golosale, chikwama cha m'thumba ndi chako, ndipo ziwirizi zimakumana Loweruka lokha. Chimodzimodzi mufoni. Masiku ano ogula ambiri amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ngati nambala imene amalipirapo ndi yomwe umagulira mayunitsi ndi kutumizira mayi ako, wabowola kabokosi kachiwiri koipa kuposa koyamba, chifukwa ndalama ya mufoni imachoka osaimva kulemera m'manja. Gula simu ina ya golosale yokha. Ndalama zikachuluka, zikagone ku akaunti yakeyake ku banki kapena ku SACCO, kumene kuzitenga kumafuna ulendo. Ulendowo ndi umene umapatsa mutu nthawi yoganiza. Ndipo ndalama zimene amadula potumiza ndi potapa za bizinesi uzizilemba ngati ndalama zoyendetsera golosale, pamodzi ndi lendi ndi thiransipoti.

Za pashelefu nazo ndi ndalama. Nyumba yako ikafuna shuga, ibwere kutsogolo kwa kauntala ngati wogula wina aliyense, ndi ndalama yochokera m'malipiro aja. Ngati ukufuna, igule pamtengo wooda, koma ilipire. Ichi sichingatheke ngati mkazi wako sanachimvetse, ndiye usakachilengeze ngati lamulo la boma. N'chifukwa chake ndati muwerenge katundu limodzi. Aone yekha nambala ya mpamba, adziwe malipiro a Loweruka, ndipo ndalama ya nyumbayo aziyendetsa ndi iye. Mayi amene waona nambala ndi maso ake amasunga kabokosi kuposa mwamuna. Amene wangouzidwa kuti "usagwire" amaona ngati ukumubisira chuma, ndipo sindingamunene. Ana nawo adziwe kuti switi ya m'botolo ili ndi mwini wake.

Tsono za abale, pamene pagona mantha ako. Ife sitikana maliro, sitithamangitsa mlongo amene mwana wake wadwala. Ine amene ndine malume ako sindingakuphunzitse kuuma mtima, poti mawa ndidzagogoda ndine. Koma thandiza kuchokera m'thumba lako, osati m'thumba la golosale. Pa malipiro a sabata uzipatula kangachepe, kaya K3,000, n'kuika padera kuti ndi ya mavuto. Mkazi wako akhozanso kumaponya ku banki m'khonde, kumene magulu ambiri amakhala ndi kathumba ka zadzidzidzi. Wachibale akabwera, umupatse za m'menemo. Zikatha, unene zoona: "Zanga zatha, zatsalazi ndi za katundu." Adzadandaula, mwina adzakunena kuti wayamba kunyada. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mphwanga. Mnyamata wa pa Mitundu sanakanepo munthu, koma tsiku limene ankamulanda firiji, onse amene ankanong'onezana naye pakauntala anaonerera ali patali. Golosale yamoyo idzathandiza abale zaka makumi awiri. Yakufa sithandiza ngakhale mwini wake.

Lidzafika tsiku lina loti mwana wadwala usiku, thumba la mavuto lilibe kanthu, ndipo ndalama ili m'kabokosi mokha. Tenga, usachedwe, moyo ulibe sitolo. Koma m'mawa mwake ulembe m'kope kuti mwini wakongola zakutizakuti pa deti lakuti, ndipo uzibweza podula malipiro ako Loweruka lililonse mpaka ngongoleyo ithe. Kutenga sikupha bizinesi. Chimapha ndi kutenga kosalemba, chifukwa chosalembedwa sichibwezedwa. Feteleza ndi fizi si zadzidzidzi ayi. Umadziwa chaka chisanayambe kuti mvula idzagwa ndi kuti sukulu idzatsegulidwa. Zimenezo uzisungira pang'onopang'ono kuchokera m'malipiro ako, ndipo munda uzidzilipirira wokha ndi zokolola zake.

Palinso kusakaniza kwina kumene anthu sakuona ngati vuto, kothira ndalama zako m'bizinesi osalemba. Wagulitsa mbuzi, wagulitsa soya, ndalama n'kuponya m'kabokosi kuti ukaodere. Shelefu imadzaza, iwe n'kumati golosale ikuyenda, chonsecho ikudya mbuzi zako. Ndinaonapo mayi wina wogulitsa kaunjika amene ankathira malipiro a mwamuna wake m'belo mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri, osadziwa kuti malondawo ankaluza kuyambira pachiyambi. Chilichonse cholowa chimene sichinachokere kwa wogula chilembedwe: kaya ndi kuwonjezera mpamba, kaya ndi ngongole imene golosale idzakubwezere.

Kopelo lisakuopse. Tsamba lililonse ndi tsiku limodzi, ndipo mizere ndi inayi: zogulitsa, zooda, zoyendetsera golosale, ndi zimene mwini watenga kapena wathira. Ndi ntchito ya mphindi khumi usanakhome chitseko. Ndipo pakutha pa mwezi uwerengenso katundu monga poyamba. Ngati mwezi watha mpamba unali K1,200,000, lero uli K1,240,000, ndipo iwe walandira K100,000 osathiramo kanthu, ndiye kuti golosale yabala K140,000 ndipo ikukula. Koma ukapeza K1,170,000, ndiye kuti yabala K70,000 yokha, ndipo malipiro ako aluma mpamba ndi K30,000. Mwezi umodzi wotere si imfa. Miyezi iwiri yotsatizana, tsitsa malipiro ndipo ufufuze pamene pakudontha. Uziwerenganso makatoni ndi mabelo, osati makwacha okha, chifukwa mitengo ikamakwera nambala ikhoza kukula katundu akuchepa. Ngati unali ndi mabelo khumi a shuga ndipo lero uli ndi asanu ndi awiri, wabwerera m'mbuyo, ngakhale kope litanena zokoma.

Mnyamata uja lero amagulitsa m'golosale ya munthu wina pa Mitundu pomwepo. Amalandira malipiro pa mwezi, ndipo sagwira kabokosi ka bwana wake ngakhale kunyumba kutagona njala. Mwambo umene akuusunga lero pa chuma cha mwini, akanausunga pa chuma chake, bwenzi pano akulemba ena ntchito.

Mayi ako anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti iwe uime kuseri kwa kauntala imeneyo. Ine ndinavomereza pamaso pa abale kuti ndidzakuyang'anira, ndipo sindikufuna kudzaitanidwa kudzawerenga malisiti a m'jumbo chitseko chitakhomedwa kale. Wakutsina khutu ndi mnansi. Lamulungu masana ndibwera ndi kope ndi cholembera, ndipo tiyambira shelefu ya pamwamba. K4,000 ya dzulo ija, pamodzi ndi ya kabaza, ya mayunitsi, ya mlamu wako, shuga ndi sopo, ndizo zidzakhale mzere woyamba: ngongole ya mwini.